Nyimbo Imene Gilibati Anaidula Miyendo

Mukafika pa Nathenje n'kufunsa za aphunzitsi a Gilibati Makwinja, anthu amayamba akanda m'mutu. Koma mukangoti amuna a Felesiya woimba uja, ngakhale wogulitsa tomato amakulozerani njira. Gilibati ankadziwa zimenezi ndipo sizinkamuwawa. Kunena zoona, ulemu wambiri umene anali nawo m'midzi ya kumeneko unkachokera pakhosi pa mkazi wake.

Iye anabadwira pa esiteti ya fodya kuseri kwa Mitundu, kumene mapiri a Dzalanyama amaoneka ngati ali pafupi mpaka utayamba kuyenda. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe. Anakula akumva za thirakitala, sitolo ya bwana, giledi ya fodya ndi sikelo ya kapitawo, ndipo palibe anamuuzapo kuti mawu amenewa anali alendo. Kwa iye anali Chichewa basi, ngati khasu ndi mpeni.

Anadziwira ku sekondale yogonera konko, ndipo anadziwa mowawa. Tsiku lina m'kalasi ya Chingerezi anamuimiritsa kuti awerenge. Atafika pa liwu la mkate, mwana wa tenanti anatsegula pakamwa bwinobwino nati buledi, mokoka, ngati akuitanitsa pa golosale. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Amene anaseka kwambiri anali George, mnyamata wa ku Lilongwe wa nsapato zowala, ndipo ndi iyeyo amene anamupatsa dzina loti Buledi. Dzinalo linamukakamira mpaka Fomu 4. Gilibati ankapita kuseri kwa hositelo kukaphunzitsa lilime lake kuluma mawu, kuti bred, skul, desk, mpaka nsagwada zitawawa. Lilimelo linaphunzira, koma manyazi aja sanachoke. Anangokhala phee m'mimba kudikira tsiku lawo.

Chodabwitsa n'chakuti ku koleji ya aphunzitsi, mutu umene anaukonda kuposa yonse unali womwewo wa mawu obwereka. Kumeneko anamva koyamba kuti buledi sikulakwitsa kwa munthu wosaphunzira ayi, koma ntchito ya chilankhulo chimene chili ndi malamulo ake. Tsiku limenelo anatuluka m'kalasi akumva kupepuka. Atamutumiza ku sukulu ina ya pulayimale cha kumadzulo kwa Nathenje, phunziro limeneli linakhala ngati munda wake. Aphunzitsi anzake akalifika ankamubwereka.

Ankaliphunzitsa ndi manja. Ankalemba liwu lachizungu pa bolodi, nauza ana a Sitandade 7 kuti alitchule mmene amalitchulira kwawo uku akuomba m'manja.

"Su-ku-lu! Mwaomba kangati? Mzungu amaomba kamodzi, ife katatu. Si ulesi ayi. Phatikizo lililonse la Chichewa limathera pa lembo la liwu, a, e, i, o, u. Ndiye liwu lachilendo likabwera ndi malembo opanda liwu atapanikizana, ngati s ndi k, ife timalowetsa lembo la liwu pakati kuti apume. Likathera potseka, timalitsegulira kumapeto."

Nthawi zonse pankapezeka mwana wochenjera wofunsa kuti nanga bwanji timati sitolo koma buledi, osati biledi. Apa ndiye Gilibati ankasangalala ngati walandira mlendo. Ankawauza kuti nthawi zambiri timaika i, monga mu sitolo ndi sitima. Koma agwire milomo yawo: ponena b kapena p milomo imakhala itakumana kale, choncho u ndiye ali pafupi, n'chifukwa chake buledi, pulani, kapu. Mawu ena amangokopera lembo la liwu la mnansi wawo, monga kalasi, bokosi, koloko ndi sukulu yemweyo. Ndipo pamene Chichewa chili kale ndi njira sitivutika: mb wa mu nambala ndi yemwe uja wa mu mbale, nd wa mu kandulo ndi wa mu ndiwo. Ana ankatuluka akuomba m'manja mayina awo, E-fu-le-mu, Do-ri-ka, mpaka kufika kunyumba.

Ndikunena zonsezi kuti pasakhale wina womuikira kumbuyo kuti sankadziwa. Munthuyu ankadziwa bwino lomwe.

Gilibati anamupeza Felesiya ku tchalitchi, kapena tinene kuti anayamba wamumva asanamuone. Anali mwana wa alimi a chimanga a m'mudzi womwewo, ndipo sukulu anailekera Sitandade 5. Sanali wolankhulalankhula. Pamsonkhano ankakhala kumbuyo, pamsika sankadziwa kunenerera. Koma akaimirira kutsogolo kwa amayi n'kuyambitsa nyimbo, ankasanduka munthu wina. Pa ukwati, pa maliro, pa chinkhoswe, amayi sankayamba asanamuone. Chimenechi ndicho chinali chake pa dziko lino. Nyumba inali ya sukulu, munda unali wa amalume ake, koma liwu linali lake. Anabereka mwana mmodzi, Mayeso, ndipo banjalo linali la mtendere, la anthu awiri amene sankapikisana pa chilichonse.

Chaka china bungwe lina la ku tauni linapereka malata, simenti ndi madesiki kuti pa sukulupo pamangidwe buloko yatsopano. Njerwa ndi mchenga zinali za makolo, kutanthauza kuti za amayi, pakuti abambo ambiri ankafika pa nthawi yojambulitsa yokha. Amayi anasenza mchenga kuchokera kudambo chilimwe chonse. Buloko itatha, ahedi anati tsiku lotsegulira amayiwo aimbe, ndipo anapempha Gilibati kuti apeke nyimbo.

Anaipeka pakhonde, mkazi wake akumuthandiza maimbidwe uku akusenda mtedza. Inali ya mtsogoleri ndi ovomera. Felesiya ankati, "Tasenza mchenga, tamanga buloko," amayi n'kuvomera, "Ndi yathu, ndi yathu!" Kenaka, "Mwana wachoka pafumbi, wakhala pa desiki," iwo, "Ndi yake, ndi yake!" Kukoma kwake kunali pa mathero a mzere. Chichewa chikafika kumapeto chimatsamira pa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, ndiye Felesiya ankati de-sii-ki, kuikoka sii ija mpaka tsitsi likuimirira. Amayi ankamvera pomwepo. Pa sii ankatukula phazi, pa ki ankaliponda, ng'oma n'kugunda, iwo n'kulowa. Palibe anawauza kuti azichita choncho, matupi awo anangodziwa.

Kutatsala sabata kuti mwambo uchitike, kunabwera galimoto ya bungwe lija kudzaona malo. Amayi anali pansi pa mtengo wa mango akuyeserera. Munthu amene anatsika m'galimotomo, wonenepa, wa magalasi akuda, anaima n'kumvetsera, kenaka anatembenuka nayang'anitsitsa mphunzitsi amene anali pambali.

"Aaa, Buledi! Ndiwe? Aise, uli kuno?"

Anali George. Anamukumbatira ndi chimwemwe chenicheni, pakuti munthu woseka mnzake sakumbukira kuti anasekapo. Anafunsa za banja, anadandaula za msewu. Kenaka analoza amayi aja ndi makiyi a galimoto, akumwetulira.

"De-sii-ki! Koma zakumudzi ndi zokoma, aise. Mabwana anga akamva zimenezi ajambula mpaka foni kudzaza. Mayi akutsogolerawo ndi ndani?"

 Pamaso pa Gilibati panabwera kalasi ija ya Fomu 1, ndi mano onse aja ali pamtunda. Anayankha kuti, "Ndi mayi wina wa m'mudzi muno." Sananame, koma ndi choonadi chamtundu umene munthu amakagona nacho osapeza tulo.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Gilibati anaitana mkazi wake pakhonde.

"Amayi a Mayeso, nyimbo ija tiikonze pang'ono. Kubwera anthu ophunzira. Mawu achizungu aja muziwatchula mmene eni ake amatchulira. Osati desiki. Desk."

"Desiki."

"Ayi. Mutseke pakamwa msanga. Desk."

Felesiya anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona nkhope ya mwamuna wake anasiya. Anayesa, ndipo chinatuluka ndi desiki yemweyo, wothamanga chabe. Anayesanso. Anafunsa mofatsa kuti, "Nanga abambo a Mayeso, pamene ndimakoka paja ndizikoka chiyani?" Limenelo linali funso labwino, ndipo mphunzitsi wa maphatikizo ankadziwa yankho lake: sii ija ndi lembo lomwe lija limene Chichewa chinalowetsa, ndipo ukalichotsa pamodzi ndi la kumapeto, pa mapazi atatu a nyimbo pamatsala limodzi lokha. Koma anati, "Muzikoka de, kenaka mutseke. N'zosavuta."

Ndimakwiya ndikafika apa. Mkaziyo sanatsutse. Anakhulupirira kuti mwamuna wake, amene anapita ku koleji, akumuteteza ku chinthu chimene iye sakuchiona. Sabata yonseyo ankayeserera yekha, potsuka mbale, popita kudambo: blok, desk, klas. Mayeso ankamuseka kuti amayi akulavula minga ya nsomba. Iye ankangomwetulira n'kupitiriza, ndipo pofika Lachinayi ankatha ndithu kutseka pakamwa pa nthawi yake.

Amayi anzake anali otanganidwa ndi kusoka fodya, choncho nyimbo yokonzedwayo anaiyeserera kamodzi kokha, popanda ng'oma. Anasokonezeka, koma Gilibati anaima kutsogolo n'kumawagwetsera dzanja pamene ayenera kulowa, ndipo zinayenda mwa apo ndi apo. Dorica, mayi wamkulu amene ankaima pafupi ndi Felesiya, anang'ung'udza kuti nyimboyi yayamba kutsimphina. Gilibati anamva koma anayang'ana kumbali.

Tsiku la mwambo kunatentha. Anamanga chisakasa cha alendo, anabwereka zokuzira mawu ku tchalitchi, ndipo anthu anadzaza bwalo lonse, ana atakwera m'mitengo. Chimene Gilibati sanachiganizire n'chakuti ahedi, pofuna munthu wa Chingerezi chabwino, anamuika kukhala wotsogolera mwambo. Motero pamene amayi ankalowa m'bwalo ndi zitenje zawo zofanana, iye anali pa chisakasa, pambali pa George, kutali ndi iwo, dzanja lake lopanda ntchito. Anawaitana yekha pa maikolofoni, kenaka mwana wa sukulu anatenga maikolofoniyo kukapereka kwa Felesiya.

Ng'oma inayamba. Felesiya anatsegula pakamwa ndipo liwu lija linadzaza bwalo, alendo n'kukweza mafoni awo.

"Tasenza mchenga, tamanga blok."

Mzere unatha mwadzidzidzi ngati munthu wagwera m'dzenje. Amayi anali atatukula phazi kudikira pamene amatsamira, koma panalibe. Ena analowa msanga, ena mochedwa, ndipo "ndi yathu" inamveka ngati anthu akukangana. Woimba ng'oma anayang'ana uku ndi uku. Felesiya anamva kuti zinthu zapotoka, ndipo akanakhala wina akanabwerera ku nyimbo yakale pomwepo, zonse n'kukhala bwino. Koma iye anayang'ana ku chisakasa, anaona mwamuna wake, nalimbikira kuchita zimene anamuphunzitsa.

"Mwana wachoka pafumbi, wakhala pa deee..."

Anakoka mmene anamuuzira, kenaka anatseka ndi mphamvu zake zonse. Zokuzira mawu zinatenga sk ija n'kuiponya pa bwalo lonse, phokoso lakuthwa lokhalokha. Palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anavomera. Ng'oma inaima. Mu bata limenelo bambo wina woledzera kumbuyo anafuula kuti, "Mayi, mukuingitsa nkhuku kapena mukuimba?"

Ana a m'mitengo ndiwo anayamba, kenaka bwalo lonse. Sikunali kuseka kwa nkhanza kwenikweni, kunali kuseka kwa anthu amene akhala padzuwa nthawi yaitali ndipo apeza choseketsa. Koma kwa woima pakati n'chimodzimodzi. Felesiya anaima ndi maikolofoni m'manja, pakamwa pali pululu. Anaiyang'ana ngati sakudziwa kuti yafika bwanji m'manja mwake, anaiika pansi pa fumbi mwaulemu, nafunda chitenje kumutu n'kutuluka m'bwalo. Dorica anayambitsa msanga nyimbo ina ya ku tchalitchi kuti aphimbe, ndipo mwambo unapitirira, pakuti miyambo siima chifukwa cha munthu mmodzi.

George anawerama n'kumunong'oneza. "Aise, chachitika n'chiyani? Tsiku lija inali bwinobwino. Ine ndinawauza mabwana kuti akamve nyimbo ya desiki. Anaisintha ndani?"

Gilibati anayenera kuimirira nthawi yomweyo kukaitana mlendo wolemekezeka. Anatola maikolofoni ija, anaipukuta fumbi, nalankhula Chingerezi chosalala, chopanda chilema. Ankamva ngati anthu onse akuona mkati mwake, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankamuyang'ana moipa. Ndicho chinamupweteka kwambiri. Mudzi wonse unkati Felesiya anafuna kudzionetsa kwa azungu, mkazi wa aphunzitsi wayamba kunyada, lamukana lilime. Dzina la Gilibati silinatchulidwe n'komwe. Felesiya sanauze munthu, ngakhale Dorica.

Masiku otsatira ana ankati akamuona akupita kumjigo, ankabisala kuseri kwa mpanda n'kumati sk, sk. Iye ankangoyenda. Ankaphika, ankachapa, ankayankha akafunsidwa. Lamulungu anakhala kumbuyo kwa tchalitchi pakati pa amayi oyamwitsa. Kutachitika chinkhoswe m'mudzimo, anatumiza mawu kuti mutu ukumupweteka. Amayi anabwera kudzamunyengerera, iye n'kuwalandira bwino, kuwapatsa mpando ndi madzi, koma za kuimba ankangoti, "Ayambitse ena, nawonso ali ndi makosi."

Ku sukulu, teremu imeneyo mutu wa mawu obwereka unafika. Gilibati analemba liwu loyamba pa bolodi la buloko yatsopano, ana atakonzeka kale manja. Anayang'ana madesiki aja, mawu n'kumuthawa. Anawauza kuti atsegule mabuku awerenge okha, iye n'kutuluka kukaima padzuwa.

Anapirira nazo mpaka Loweruka lina masana, atapeza mkazi wake akupeta chimanga kuseri kwa nyumba. Anakhala pa mtondo wogona. Munthu amene ankatha kulankhula pamaso pa bwalo lonse anayamba ndi kutsokomola.

"Amayi a Mayeso, ndinalakwa ndine. Nyimbo ija inalibe vuto. Ndinkadziwa kuti ikadulidwa siyenda, ndimaphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka. Ndipita kwa amayi anzanu ndikanene pamaso pawo kuti ndinakuuzani ndine. Ngakhale ku tchalitchi ndikaimirira. Koma chonde bwererani kutsogolo. Anthu akukusowani."

Felesiya anapitiriza kupeta kwa kanthawi. Kenaka anatsitsa lichero pa maondo.

"Zoti anthu anaseka, abambo a Mayeso, zimenezo zitha. Anamuseka Dorica chitenje chitamuvuka pa ukwati, lero akuimba. Ine chimene chikundisowetsa mtendere ndi china." Anachotsa kamwala m'chimanga n'kukaponya. "Mukuti munkadziwa kuti nyimboyo inali bwino. Ndiye chimene munkafuna kubisa kwa alendo aja sichinali nyimbo."

Felesiya sanalekere pomwepo.

"Ine ndakhala nanu m'nyumba muno chibadwire Mayeso, ndi kale lomwe. Tsiku lililonse ndimati nthawi ya sukulu yakwana, tengani kapu, sopo watha. Ndilibe pakamwa pena, ndi pomwepa. Ndiye ndiuzeni zoona, musandinyengerere. Nthawi yonseyi, ndikamalankhula anzanu ophunzira ali pompo, mumachita nane manyazi?"

Yankho linali lalifupi, ayi basi, ndipo mwana aliyense akanalinena mosaganiza. Gilibati anatsegula pakamwa kuti alinene. Koma anakumbukira makiyi a George akuloza, ndi mawu ake omwe akuti mayi wina wa m'mudzi muno, ndipo lilime linalemera. Anachedwa pang'ono chabe, mwina mpweya umodzi.

"Ayi," anatero.

Felesiya anali atamva kale. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, osakwiya, osalira, ngati munthu amene dokotala wamuuza matenda amene ankawaganizira. Ananyamula lichero lake.

"Musavutike kupita kwa amayi aja," anatero. "Sindikaimbanso. Ndizikaima bwanji kutsogolo, ndikudziwa kuti mukumva?"